Funso la mpweya lobwera pa foni: sinthani mayuniti musanagwire kakyuleta

Masiku ano mafunso ambiri a sayansi akumayenda pa foni. Wophunzira mmodzi akalandira pepala la mafunso kwa aphunzitsi amalijambula n'kutumizira anzake, iwonso n'kupatsira ena, ndipo pomadzafika kwa munthu wachinayi kapena wachisanu chithunzicho chimakhala chachimbuuzi, mbali ina itaphimbika ndi mthunzi wa dzanja. Pa mafunso ena zimenezi sizisokoneza kwenikweni. Koma funso likakhala la lamulo la mpweya, kadontho kamodzi kapena kalemba kamodzi kosaoneka bwino kangathe kukulitsa yankho ka 1,000. Ngakhale chithunzi chitaoneka bwino, pamatsalabe msampha wina umene umakola ophunzira ochuluka, ndiwo wa mayuniti.

Lamulolo limalembedwa chonchi:

```
PV = nRT
```

P ndi pulesha, kutanthauza mphamvu imene mpweya umakankhira makoma a chotengera chake. V ndi voliyumu, malo amene mpweyawo wadzaza. Chilembo cha n chikuimira kuchuluka kwa mpweya powerenga mamolo, T ndi kutentha, pamene R ndi nambala yosasintha. Amene anamanga zonsezi pamodzi ndi Émile Clapeyron wa ku France mu 1834, potengera ntchito ya amene anamutsogolera monga Robert Boyle, yemwe mu 1662 anaonetsa kuti mpweya ukapanikizidwa voliyumu yake imachepa molingana ndi kukwera kwa pulesha. Ophunzira savutika kuloweza fomyulayi. Chimene chimawagwetsa n'chakuti manambala a m'funso sabwera m'mayuniti amene fomyulayo imafuna, ndipo wolemba funso amachita zimenezi mwadala pofuna kuona ngati mwana akumvetsa zimene akuchita.

Titenge funso ngati limene limapezeka pa mapepala otere. Likuti botolo la 500 cm³ muli mpweya wa okosijeni wotentha 27 °C, ndipo pulesha yake ndi 740 mmHg. Wophunzira apeze mamolo a mpweyawo ndi kulemera kwake, atapatsidwa kuti R = 8.314 J/(mol K) komanso kuti molo imodzi ya okosijeni imalemera 32 g.

Poyambira penipeni ndi pa R, ngakhale kuti ambiri amailumpha poiona ngati nambala yongokopera. Timalemba timene tili kutsogolo kwa 8.314 ndi tomwe tikulamula funso lonse. K akutiuza kuti kutentha kukhale m'makelevini. J, amene amayeza mphamvu, amapezeka tikachulukitsa Pa ndi m³, choncho pulesha ikhale mu Pa ndipo voliyumu ikhale mu m³. Zili ngati wogulitsa amene mitengo yake yonse ili m'makwacha: mukabwera ndi ndalama za dziko lina, muyambe mwasintha musanawerengere zogula. Tikayang'ana funso lathu tipeza kuti palibe nambala ngakhale imodzi mwa zitatuzo imene ili m'yuniti yoyenera.

Kusintha kutentha n'kosavuta. Timangoonjezera 273 pa madigiri a °C, kapena 273.15 ngati funso likufuna kulondola kwambiri, ndiye 27 °C ikhala 300 K. Koma wophunzira amene sadziwa chifukwa chake ndi amene amaiwala pa tsiku la mayeso, choncho mpofunika kufotokoza. Ziro ya °C inaikidwa pamene madzi amaundana, ndipo kuundana kwa madzi kulibe chochita ndi khalidwe la mpweya. Mpweya wa pa 0 °C umakankhabe makoma a botolo mwamphamvu, tizidutswa take tikadali kuthamanga. Muyeso wa makelevini, umene maziko ake anaikidwa ndi William Thomson mu 1848, umayambira pa kuzizira kotsiriza, -273.15 °C, pamene palibenso kuzizira kwina kupitirira apo. Pa muyeso umenewu ndi pamene kuwirikiza nambala kumatanthauzadi kuwirikiza pulesha. Mpweya wa m'botolo lotseka ukatenthedwa kuchoka pa 20 °C kufika pa 40 °C, munthu angaganize kuti pulesha yawirikiza. Sizili choncho ayi. Kutenthako kwangochoka pa 293 K kufika pa 313 K, ndipo pulesha yakwera ndi pafupifupi 7 pa 100 ialiyonse. Palinso chizindikiro china choonetsa kuti °C salowa m'fomyulayi: funso likanati 0 °C, wofuna n akanayenera kugawa ndi ziro, zimene sizitheka.

Pulesha ndi imene imabwera m'mayuniti ambiri, chifukwa anthu a ntchito zosiyana anaiyeza mosiyana. Yuniti ya mmHg inachokera ku chipangizo chimene Evangelista Torricelli wa ku Italy anapanga mu 1643, chubu chagalasi chokhala ndi mekyule. Mpweya wa m'mlengalenga pa gombe la nyanja yamchere umakweza mekyule m'chubumo kufika pafupifupi mamilimita 760, ndipo pulesha imeneyo ndi imene imatchedwa 1 atm. Mzere umodzi uwu ukwanira kusinthira pulesha ya mafunso ambiri a kusukulu:

```
1 atm = 760 mmHg = 101 325 Pa = 101.325 kPa
```

Pulesha yathu ya 740 mmHg tiigawa ndi 760 n'kuchulukitsa ndi 101 325, ndipo tipeza pafupifupi 98 659 Pa. Tisanapitirire tiime tiganize. Nambala ya 740 ndi yocheperako pang'ono kwa 760, choncho yankho liyenera kuchepako pang'ono kwa 101 325. Lachepadi. Amene watembenuza manambalawo, n'kugawa 760 ndi 740, apeza 104 064, ndipo kuima kwa kamphindi kumeneku kungamupulumutse.

Voliyumu nayo: mu 1 m³ mumalowa ma cm³ okwana 1,000,000, osati 100 monga ena amaganizira pokumbukira kuti mita ili ndi masentimita 100. Choncho 500 cm³ ndi 0.0005 m³. Tsopano zonse zagwirizana ndi R, ndipo kakyuleta angagwiridwe.

```
n = PV / RT
n = (98 659 × 0.0005) / (8.314 × 300)
n = 49.33 / 2494.2 = 0.0198 mol
```

Kulemera kwake ndi 0.0198 kuchulukitsa ndi 32, zimene zikutipatsa pafupifupi 0.63 g.

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti yankholi lili bwino popanda womuchongera? Ophunzira a kemisitiri amadziwa kuti molo imodzi ya mpweya uliwonse, pa kutentha ndi pulesha ya m'chipinda wamba, imadzaza pafupifupi malita 24. Botolo lathu ndi la theka la lita. Tikagawa 0.5 ndi 24 tipeza 0.021, yomwe ili pafupi ndi 0.0198, ndipo kusiyana pang'onoko kukumveka chifukwa mpweya wathu ndi wofundirako komanso pulesha yake ndi yotsikirako. Ine ndimaona kuti kuyesa yankho mwa njira imeneyi kuyenera kuphunzitsidwa tsiku lomwelo limene fomyula ikuphunzitsidwa, chifukwa kumagwira zolakwa zazikulu zonse za mayuniti. Wolowetsa 27 m'malo mwa 300 apeza 0.22 mol, yankho lokula ka 11. Mpweya wochuluka choncho ukanafuna malita oposa 5 pa pulesha wamba. Nanga amene wangothira 740 ndi 500 osasintha? Iyeyo apeza mamolo 148, kutanthauza makilogalamu 4.7 a okosijeni m'botolo limene madzi odzaza amalemera theka la kilogalamu basi. Zoterezi zimalembedwa ndithu pa mapepala a mayeso, n'kudulidwa mzere kunsi, chifukwa mwana anazolowera kukhulupirira chilichonse chimene kakyuleta waonetsa.

Mabuku ena amapereka R ina, 0.0821 L atm/(mol K). Si lamulo lina, ndi R yomweyo m'mayuniti ena. Ikaperekedwa imeneyo, pulesha ikhale mu atm, voliyumu m'malita, koma kutentha kukhalebe mu K. Pa funso lathu pulesha ikhala 0.974 atm, voliyumu 0.5 L, ndipo yankho libwera 0.0198 mol lomwe lija. Cholakwa chofala ndi kusakaniza, kutenga R ya buku lina n'kuiphatikiza ndi mayuniti a R inayo.

Tsono vuto la chithunzi ndi lamtundu wina, ndipo kuyesa kwa malita 24 kuja sikungalione. Pa chithunzi chachimbuuzi, cm³ ndi dm³ zimasiyana ndi kamzere kamodzi koimirira. Wowerenga 500 dm³ asintha mayuniti ake molondola, apeza 19.8 mol, ayesa ndi 24 n'kupeza kuti zikugwirizana, koma wayankha funso limene sanafunsidwe. Chomuthandiza pamenepa ndi mawu a funsolo. Likati botolo kapena jakisoni, 500 dm³ singakhale yoona, pakuti amenewo ndi malita 500, oposa migolo iwiri ikuluikulu. Kamzere kochotsera nako kamasowa msanga, makamaka pepala likapindika. Funso likanakhala la -27 °C, kutentha kukanakhala 246 K ndipo yankho 0.0241 mol, nambala yooneka yabwinobwino imene palibe angaikayikire. Chimodzimodzi kPa ndi MPa, zosiyana ka 1,000, kapena 7.40 ndi 740 pamene kadontho kafufutika. Apa nzeru za masamu sizithandiza. Kulitsani chithunzicho, lembani nambala iliyonse ndi yuniti yake pa pepala lanu musanayambe, ndipo pamene mukukayika pemphani mnzanuyo ajambulenso, pepala litayalidwa pathyathyathya pamalo owala.

Mawu ena a m'funso amasinthanso pulesha yoti tigwiritse ntchito. Geji yoyezera matayala siwerengera mpweya wa m'mlengalenga, imangoonetsa pulesha yoonjezera pamwamba pake. Funso likanena kuti geji ikuonetsa 220 kPa, m'fomyula mulowe pafupifupi 321 kPa, titaonjezera 101. Ndipo lamulolo lili ndi malire ake. Limaganiza kuti tizidutswa ta mpweya n'tating'ono kwambiri poyerekeza ndi malo amene tili ndiponso kuti sitikokana, zimene zili pafupi ndi zoona pa pulesha yotsika ndi kutentha wamba. Mpweya ukapanikizidwa kwambiri kapena ukayandikira kusanduka madzimadzi, yankho la fomyulayi limayamba kuphonya. N'chifukwa chake simungaligwiritse ntchito powerengera gasi wophikira wa m'silinda, popeza wambiri mmenemo ndi wamadzimadzi. Okosijeni wa m'botolo lathu, pa 300 K ndi pulesha yosafika 1 atm, ali kutali ndi malire amenewo.

Kwa aphunzitsi amene mumakonza mapepala otere, dziwani kuti ambiri adzawerengedwa pa foni yaing'ono. Lembani mayuniti mokulitsa, siyani mpata pakati pa nambala ndi yuniti yake, ndipo kamzere kochotsera kakhale kooneka bwino. Pochonga, perekaninso malikisi pa mizere itatu yosinthira mayuniti ija, kuti ana azolowere kuilemba poyera asanalowetse nambala iliyonse m'fomyula.