Njira zitatu zosanjira zinthu pakompyuta, ndi mtengo wa iliyonse

Mphunzitsi wamaliza kuchonga mayeso. Mapepala a ana asanu ali patebulo motsatira alifabeti ya mayina awo, ndipo tiwatchule A, B, C, D ndi E. A wapeza malikisi 70, B wapeza 55, C wapeza 70, D wapeza 55, pomwe E wapeza 40. Tsopano mphunzitsiyo akufuna kuwasanja kuyambira wotsika kukafika wapamwamba. Ntchitoyi ndi yaing'ono, koma mkati mwake muli funso limene akatswiri a makompyuta alimbana nalo kwa zaka zambiri. Popeza A ndi C apeza malikisi ofanana, ayambe ndani?

Kompyuta imasanja zinthu tsiku lililonse: mayina a mufoni, mauthenga, ndalama zolowa ndi zotuluka kubanki. Mwa njira zimene imagwiritsa ntchito, zitatu ndizo zodziwika kwambiri: mejisoti, kwikisoti ndi hipisoti. Zonse zimafika pamndandanda wosanjika bwino. Zimasiyana pa zinthu zitatu: ngati zimasunga dongosolo la zinthu zofanana, mmene zimachitira zinthu zikavuta, ndi kukula kwa malo owonjezera amene zimafuna m'memole ya kompyuta. Palibe imene imapambana pa zonse, ndipo mapepala asanu aja atisonyeza chifukwa chake.

Mejisoti: kugawa ndi kulumikiza

Njira yakale pa zitatuzi ndi mejisoti, imene John von Neumann anailemba mu 1945. Umagawa mulu pakati, n'kusanja theka lililonse palokha mwa njira yomweyo, kenako n'kulumikiza matheka awiriwo.

Pamapepala athu, kumanzere kupita A, B ndi C, ndipo akasanjidwa akhala B 55, A 70, C 70. Kumanja kupita D ndi E, amene akhala E 40, D 55. Polumikiza timangoyang'ana mapepala awiri a pamwamba n'kutenga lotsika. Pakati pa B ndi E titenga E. Kenako B akumana ndi D, onse a 55, ndipo apa lamulo ndi limodzi: akafanana, tenga wa kumanzere, chifukwa ndiye anali patsogolo poyamba. Titenga B, kenako D, ndipo A ndi C atsatira. Mndandanda watuluka E, B, D, A, C.

Taonani kuti B akadali patsogolo pa D, ndipo A akadali patsogolo pa C. Njira yotere amati ndi yokhazikika: zinthu zofanana zimatuluka mmene zinalowera. Phindu lake ndi looneka. Mphunzitsi sanachitenso kusanja mayina kachiwiri, koma ana ofanana malikisi akhalabe motsatira alifabeti. Chimodzimodzi mukasanja mndandanda wa ngongole potsatira tsiku, kenako potsatira dzina la wokongola: ngongole za munthu mmodzi zimakhalabe motsatira masiku.

Mtengo wake ndi malo. Mapepala otengedwa m'milu iwiri ija amafunika poti aikidwe, ndiye tebulo lachiwiri n'lofunika. Pakompyuta, kusanja zinthu 1 miliyoni kumafuna malo ena okwanira zinthu 1 miliyoni, kapena theka lake ngati wolemba pulogalamu wasamala.

Kwikisoti: liwiro lodalira choyezera

Kwikisoti anaitulukira Tony Hoare wa ku Britain ali ku Moscow cha mu 1959, pamene ankagwira ntchito yomasulira Chirasha ndi makina ndipo ankafuna kusanja mawu asanawafufuze mu dikishonale. Anaifalitsa mu 1961. Apa umasankha chinthu chimodzi kukhala choyezera. Zochepa kapena zofanana nacho umazikankhira kumanzere, zoposa zimapita kumanja, kenako umachitanso chimodzimodzi mbali iliyonse. Zonsezi zimachitika patebulo lomwelo posinthanitsa mapepala awiriawiri.

Tiyeni titenge pepala lomaliza ngati choyezera, monga mmene mabuku ambiri amaphunzitsira. Choyezera choyamba ndi E 40. Palibe wochepera apo, choncho E asinthana malo ndi A amene anali woyamba. Mndandanda ukhala E, B, C, D, A. Pa kusinthana kumodzi kokhako, A walumpha mnzake C n'kukagwera kumapeto. Choyezera chotsatira ndi A yemweyo, ndipo popeza palibe womuposa, akhala pomwepo mpaka kalekale. Pomaliza tipeza E, B, D, C, A. Malikisi asanjika bwino, koma alifabeti yasokonekera. Kwikisoti si yokhazikika, ndipo chifukwa chake n'kulumphitsa zinthu mtunda wautali osayang'ana zimene zadumphidwa.

Hipisoti: mulu umene wamkulu amakhala pamwamba

Hipisoti inabwera mu 1964 kuchokera kwa J. W. J. Williams, ndipo chaka chomwecho Robert Floyd anaikonza kuti izigwira ntchito popanda malo owonjezera. Imaona mndandanda ngati banja: chinthu choyamba ndi kholo la chachiwiri ndi chachitatu, chachiwiri ndi kholo la chachinayi ndi chachisanu, choncho mpaka mmunsi. Lamulo ndi loti kholo lisachepe kuyerekeza ndi ana ake. Lamuloli likakhazikika, chachikulu koposa chimakhala pamwamba. Umachichotsa n'kuchisinthanitsa ndi chomaliza, n'kukonzanso mulu wotsalawo, n'kubwereza.

Mapepala athu akutsatira kale lamuloli: A 70 ali pamwamba pa B ndi C, ndipo B 55 ali pamwamba pa D ndi E. Choncho A ndiye woyamba kuchotsedwa, ndipo apita pamalo omaliza. C akwera pamwamba, achotsedwa, n'kukhala kutsogolo kwa A. Apanso alifabeti yasokonekera, ndiye hipisoti nayonso si yokhazikika. Koma yamaliza ntchito yonse osapempha tebulo lina. Kaya zinthu zikhale zisanu kapena 1 miliyoni, imangofuna malo osungirapo manambala owerengeka chabe.

Tsiku loipa

Liwiro la njira zimenezi amaliyeza powerenga kuti zayerekeza zinthu ziwiriziwiri kangati. Mulu wa zinthu 1 miliyoni ukamagawidwa pakati mobwerezabwereza, umafika pa chinthu chimodzi pakatha magawo pafupifupi 20. Pagawo lililonse mejisoti imadutsa zinthu zonse kamodzi, ndiye kuyerekeza konse ndi pafupifupi 20 miliyoni. Akatswiri amalemba kukula kotereku kuti `n log n`. Mejisoti sipyola pamenepa, zinthu zibwere mosokonekera motani, chifukwa nthawi zonse imadula pakati penipeni. Hipisoti nayo sichoka pa `n log n`, popeza mulu wa zinthu 1 miliyoni uli ndi mibadwo 20 yokha, ngakhale imayerekeza pafupifupi kawiri kuposa mejisoti.

Kwikisoti ilibe chitsimikizo chotere. Choyezera chikagwera chapakati, mulu umagawika bwino ndipo ntchito imathamanga. Koma taganizirani mndandanda umene wasanjika kale, ndipo choyezera ndi chinthu chomaliza. Chimenecho ndiye chachikulu koposa, choncho zonse zipita mbali imodzi ndipo mulu uchepa ndi chinthu chimodzi chokha. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Pa zinthu 1,000 kuyerekeza kumafika 499,500 mmalo mwa pafupifupi 10,000. Pa zinthu 1 miliyoni kumafika pafupifupi 500 biliyoni. Tiyerekeze kuti kompyuta ikuyerekeza ka 100 miliyoni pasekondi: ntchito imene ikanatha sekondi isanakwane itenga mphindi zoposa 80. Kukula kumeneku ndi `n²`.

Vutoli limabisala, chifukwa poyesa pulogalamu anthu amakonda kugwiritsa ntchito manambala osakanizika, pomwe zinthu zenizeni, monga malisiti olembedwa motsatira masiku, nthawi zambiri zimabwera zitasanjika kale. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Wonjezerani zinthu kuti zichuluke kawiri. Nthawi ikangopitirira kawiri pang'ono, zonse zili bwino. Ikachuluka kanayi, choyezera chikusankhidwa molakwika.

Tsiku loipali limakhudzanso memole. Kwikisoti imasunga kalembera wa mbali zimene sinazisanje. Milu ikamagawika bwino, kalemberayo amakhala wa mizere pafupifupi 20 pa zinthu 1 miliyoni. Ikamagawika moipa, akhoza kutalika mpaka malo ake atatha, pulogalamu n'kuima. Mankhwala ake ndi kuyamba ndi mbali yaing'ono nthawi zonse, yaikulu n'kuimalizira pambuyo.

Nanga bwanji kwikisoti sinatayidwe?

Chifukwa masiku wamba, pakakhala manambala osakanizika, nthawi zambiri ndiyo imafika msanga. Imayenda mumndandanda motsatana, ndipo kompyuta imawerenga mofulumira zinthu zoyandikana m'memole. Hipisoti imadumphadumpha: ana a chinthu cha nambala 1,000 ali pa 2,000 ndi 2,001, ana awo ali cha ku 4,000. Kudumpha kulikonse kumadikiritsa makina. Mejisoti imayenda motsatana, koma imataya nthawi kukopera zinthu patebulo lachiwiri.

Choncho akatswiri anasankha kuiweta. Ena amayang'ana chinthu choyamba, chapakati ndi chomaliza, n'kutenga chapakati pa zitatuzo ngati choyezera. Ena amasankha choyezera mwamaere. Zimenezi zimachepetsa ngozi koma siziithetsa. Mu 1997 David Musser anapereka njira yotseka khomo: yamba ndi kwikisoti, koma uziwerenga kuti wagawa kangati. Magawo akapyola malire, mwachitsanzo 40 pa zinthu 1 miliyoni pamene 20 akanakwanira, siya kwikisoti umalize ndi hipisoti. Umu ndi mmene `std::sort` ya chilankhulo cha C++ imagwirira ntchito m'malaibulale ake odziwika, ndipo wofuna kukhazikika amaitana `std::stable_sort`, yozikidwa pa mejisoti.

Ena anasankha mosiyana potengera chimene sangalole kutaya. Chilankhulo cha Python chinatenga njira yochokera ku mejisoti, imene Tim Peters analemba mu 2002, ndipo chimalonjeza kuti `sorted()` ndi yokhazikika. Java imagwiritsa ntchito mtundu wa kwikisoti posanja manambala okhaokha, popeza 70 mmodzi sasiyana ndi 70 mnzake, koma posanja zinthu zokhala ndi mayina ndi zina imagwiritsa ntchito njira ya Peters ija. Mkati mwa Linux, `sort()` ndi hipisoti, chifukwa kumeneko kupempha memole yowonjezera kapena kuchedwa mosayembekezereka ndi zinthu zosaloledwa.

Tibwerere kwa mphunzitsi uja. Akafuna kugwiritsa ntchito kwikisoti koma osasokoneza alifabeti, akhoza kulemba nambala pa pepala lililonse asanayambe, A akhale 1, C akhale 3, ndipo malikisi akafanana aziyang'ana nambalayo. Zitheka ndithu, A adzatsogola. Koma manambala asanu amenewo akufuna polembedwa, ndipo pa mapepala 1 miliyoni adzakhala manambala 1 miliyoni. Malo amene anawapulumutsa pokana tebulo lachiwiri wawalipira m'njira ina.