Ndani akuona nyimbo zomwe mukumvera pa Spotify?

Kuvala mahedifoni kumatseka makutu a anthu oyandikana nanu, koma sikutseka maso a anthu amene amakutsatirani pa Spotify, yomwe inafika ku Malawi ndi ku Zambia mu 2021. Ngati batani la Listening activity ndi loyatsa, mnzanu akhoza kuona dzina la nyimbo imene mukumvera, woyimba wake, ndi nthawi imene mwamverayo.

Tiyerekeze mayi wina amene chibwenzi chake changotha kumene. Usiku wonse akubwereza nyimbo imodzi yodandaula, ndipo bambo amene wasiyana nayeyo akadamutsatirabe. Ambiri zikatere amathamangira ku Private session, imene imapezeka mu Settings pa gawo la zachinsinsi. Imathandizadi, chifukwa ikayaka zomwe mukumvera sizionekanso kwa okutsatirani. Vuto ndi lakuti imazima yokha pakadutsa maola 6. Mayiyo akayatsa madzulo n'kugona, m'mawa chitseko chatsegukanso iye osadziwa. Amene akufuna kubisa mpaka kalekale azimitse Listening activity yeniyeniyo, azimitsenso Recently played artists, imene imaika pa tsamba lake mayina a oyimba omwe wawamvera posachedwa.

Mindandanda ya nyimbo ili ndi khomo lakelake, ndipo pano mpomwe ambiri amapusitsika. Private session siibisa mndandanda umene munauika kale poyera. Ngati mayi uja anasonkhanitsa nyimbo n'kuutcha mndandandawo dzina la bamboyo, aliyense wotsegula tsamba lake adzauonabe. Remove from profile imangouchotsa pa tsambapo, koma munthu amene ali ndi linki akhoza kuutsegulabe. Make private ndiyo imautsekeratu. Kunena zoona, mayina awiriwa ndi osokoneza, ndipo wosankha molakwika n'zovuta kumuimba mlandu.

Kenako pali mapulogalamu ena amene munawalumikiza. Discord, mwachitsanzo, imatha kuonetsa nyimbo yanu pansi pa dzina lanu kwa anthu onse a m'magulu omwe mulimo, ngakhale amene sakutsatirani pa Spotify. Batani lake lili mu Discord momwemo, pa Connections, ndipo limatchedwa Display Spotify as your status. Mukafuna kudula ubale wonsewo, lowani pa tsamba la akaunti yanu ya Spotify, pa Manage apps, ndi kuchotsa pulogalamuyo.

Zonsezi zimabisa kwa anthu anzanu basi. Kampaniyo imadziwabe chimene mwamvera, pakuti nyimbozo zikuchokera ku makina ake.

Mukatha kusintha, musadalire zimene mukuona pa foni yanu. Pemphani mnzanu amene amakutsatirani atsegule tsamba lanu pamene nyimbo ikulira, ayang'anenso pa Discord ngati muli naye kumeneko, akuuzeni zimene zikuoneka. Ngati ndi munthu mmodzi yekha amene simukufuna kuti azisuzumira, pitani pa tsamba lake musankhe Block.