MLEMBI WA GANYU AFUNA MIYESO MONGA MMISIRI WA MAFELEMU

Komboni ya Kalingalinga, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, yachuka kwa zaka zambiri ndi amisiri a matabwa ndi owocherera zitsulo, amene amayala mipando, zitseko ndi mafelemu m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata. Mmisiri wa kumeneko sayamba kudula citsulo asanadziwe zinthu zitatu: kutalika ndi kufupika kwa khomo, kunenepa kwa khoma, ndiponso ngati citseko cidzatsegukira kumanja kapena kumanzere. Adziwa kuti felemu la khoma la mabuloko a mainchesi 4 siliyenera pa khoma la mainchesi 6.

Koma amisiri omwewo, pamodzi ndi makopaletivu a alimi, makomiti a machalichi ndi magulu a amai, akafuna kapepala kolengeza malonda kapena uthenga wa pa wailesi, kawirikawiri amaitana mlembi wa ganyu ndi kumuuza mau ocepa cabe akuti, "Tilembereni kanthu kabwino kokopa anthu." Apo mpamene mabvuto amayambira. Mlembi wa ganyu sali m'gulumo, sakhala pa misonkhano yao, ndipo amalipidwa pa nchito imodzi yokhayo. Cimene sanauzidwe sangacidziwe. Motero amafunsa kosalekeza, kapena amaganizira yekha nalakwa.

Mankhwala ake ndi kalata ya malangizo ya tsamba limodzi, imene eni nchito amalemba mlembi asanagwire colembera. Kalatayo ndiyo miyeso ya mlembi.

FUNSO LIRI LONSE NDI NKHANI YOSAGAMULIDWA

Tiyerekeze kuti amisiri asanu ndi atatu a m'Kalingalinga agwirizana kugulitsa mafelemu kwa alimi a ku Nyimba, Petauke ndi Katete. Nthawi yao yabwino ndi ya cirimwe, pamene alimi agulitsa cimanga ndi nshawa nayamba kumanga mvula isanagwe. Kuciyambi kwa Meyi apatsa mlembi nchito ndi mau a pakamwa okha.

Tsiku lotsatira mlembi atumiza funso pa foni: kodi kapepalaka kalembedwe m'Cinyanja kapena m'Cingelezi? Wapampando sangayankhe yekha, ndipo gulu limakumana pa Ciweru pokha. Sabata yatha. Kenaka mlembi afunsa ngati mitengo ilembedwe. Amisiri ena afuna, ena akana poopa kuti zitsulo zingakwere mtengo. Sabata ina yatha. Funso lacitatu ndi la amene adzalipira galimoto yonyamula katundu pa mseu waukulu wa Kum'mawa. Pofika pakati pa Juni kapepala kakali kosasindikizidwa, mlembi watopa, ndipo eni nchito ayamba kumuchula waulesi.

Tikayang'anitsitsa, palibe funso limodzi mwa awa limene likhudza luso la kulemba. Onse ndi nkhani zimene gulu lenilenilo linali lisanagamule. Mlembi sangasankhire amisiri mtengo, ngakhale kulonjeza alimi galimoto imene kulibe. Cifukwa cake nchito yoyamba ya kalata ya malangizo ndi kukakamiza eni ake kuti atsirize mikangano yao pa msonkhano umodzi, mlendo asanalowe.

WOWERENGA MMODZI, COCITA CIMODZI

Mzere woyamba wa kalata unene amene adzawerenga. Kulemba kuti "anthu onse" nkosathandiza, pakuti mphunzitsi wamkulu wofuna mafelemu a kalasi lonse ndi mlimi wofuna mafelemu atatu safunsa zinthu zofanana. Mphunzitsi afuna kudziwa za risiti ndi malipiro a komiti ya sukulu. Mlimi afuna kudziwa ngati felemu lidzayenera khoma lake la njerwa zoocha, ndi kumene adzalilandirira. Gulu lisankhe mmodzi. Likafuna onse awiri, lidziwe kuti likuitanitsa mapepala awiri.

Mzere waciwiri unene cimene wowerengayo ayenera kucita akatha kuwerenga. "Adziwe za ife" si cocita. "Apime khomo lake, ndipo aimbe foni pa nambala iyi" ndico cocita, ndipo mlembi akaciona adziwa pomwepo kuti pafunika ndime yophunzitsa kupima.

Pa cinenero, kulemba "Cinyanja" pokha sikukwanira. Cinyanja ca m'makomboni a Lusaka, cosakanizika ndi Cibemba ndi Cingelezi, cisiyana ndi Cicewa ca ku Katete ndi Chadiza, ndipo ku Petauke ndi Nyimba ambiri amalankhula Cinsenga. Kalembedwe nakonso kali pawiri. M'caka ca 1977 Unduna wa Maphunziro unatulutsa kalembedwe kobvomerezeka ka zinenero za mu Zambia, ndipo m'mabuku a sukulu a kuno timaona "cinthu" pamene a ku Malawi amalemba "chinthu". Mlembi wozolowera mabuku a ku Malawi adzatsata kalembedwe ka kumeneko ngati sanauzidwe. Mzere umodzi wa m'kalata ungapulumutse nchito yokonzanso tsamba lonse.

ZOONA ZICOKERE KWA MWINI NCHITO

Gawo lalikulu la kalata ndi mndandanda wa zoona: mitengo, miyeso, masiku, malo ndi manambala a foni. Izi zilembedwe ndi eni nchito, ndipo munthu mmodzi wa m'gulu azitsimikize ndi kuikapo tsiku. Kuuza mlembi kuti "mufufuze nokha" pa zinthu za m'kati mwa gulu ndiko kumutuma kukatunga madzi ndi dengu.

Pakhalenso mzere wa zosayenera kulembedwa. Mlembi wofuna kukondweretsa eni nchito akhoza kulemba kuti mafelemu "sacita dzimbiri" kapena kuti katundu "afika pakhomo panu". Mau otere akasindikizidwa asanduka lonjezo, ndipo mlimi wa ku Katete akalandira felemu ladzimbiri sadzafunsa za mlembi, adzafunsa za mmisiri.

Utali unenedwe ndi manambala ndi kukula kwa pepala. Theka la pepala wamba la m'ofesi, likakhala ndi mutu waukulu ndi zithunzi ziwiri, limadzaza ndi mau a pakati pa 150 ndi 200. Eni nchito akapanda kunena, mlembi angabwere ndi masamba awiri, ndipo wosindikiza adzacepetsa zilembo mpaka nkhalamba zilephere kuwerenga.

KALATA YA AMISIRI AJA

Amisiri a m'citsanzo cathu akadakhala pansi tsiku limodzi, kalata yao ikadamveka motere:

"Tifuna kapepala ka mbali imodzi, ka theka la pepala la m'ofesi, mau osapitirira 180, ndi malo a zithunzi ziwiri zimene tidzapereka ife. Wowerenga ndi mlimi wa ku Nyimba, Petauke kapena Katete amene akumanga nyumba ya njerwa zoocha caka cino. Akawerenga apime khomo ndi khoma lake, ndipo atiimbire foni. Lembani m'Cinyanja ca m'mabuku a sukulu a mu Zambia, popanda mau a m'tauni, ndipo muchule wowerenga 'inu'.

"Mitundu ya mafelemu ndi mitengo yake iri pa pepala laciwiri, lotsimikizidwa ndi msungicuma pa 6 Meyi. Mulembe kuti mitengoyi igwira nchito kufikira pa 31 Ogasiti. Wogula alipira theka poitanitsa ndi theka polandira. Galimoto alipira wogula, ndipo katundu atsikira pa boma, osati pamudzi. Musalonjeze ngongole, musanene kuti mafelemu sacita dzimbiri, ndipo musachule amisiri ena.

"Mafunso anu onse atifike pamodzi pasanathe masiku awiri. Woyankha ndi wobvomereza nchito ndi mlembi wa gulu lathu yekha. Tilandire zolemba zanu pa 16 Meyi. Tidzakubwezerani ndemanga zathu kamodzi pa 20 Meyi, ndipo zokonzedwa zifike pa 23 Meyi, pakuti wosindikiza azifuna pa 26. Malipiro ndi theka poyamba, theka tikabvomereza. Tikatsiriza kulipira, tidzakhala ndi ufulu wosindikizanso mauwo osalipiranso."

Mafunso atatu aja amene anadya masabata onse ayankhidwa m'kalatayi. Masiku nawonso awerengedwa cobwerera m'mbuyo kucokera pa tsiku la wosindikiza, osati kucokera pa tsiku limene gulu linaganiza za nchitoyo.

PAKAMWA PAMODZI

Mzere wonena za woyankha mmodzi uoneka waung'ono, koma ndiwo umaletsa cisokonezo cacikulu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkwabwino kuti gulu lonse liwerenge zolembedwazo. Koma amisiri asanu ndi atatu akamaimbira mlembi yense payekha, wina afuna mitengo pamwamba, wina aifuna pansi, mlembiyo adzakonza lero cimene adzafafaniza mawa. Ndemanga zisonkhanitsidwe, zotsutsana zigamulidwe m'gulu, ndipo zipite kwa mlembi pa pepala limodzi. Ndemanga yakuti "sikukoma" siuza mlembi kanthu. Yakuti "ndime yaciwiri sinanene kuti galimoto alipira wogula" angaikonze m'mphindi zocepa.

Kalata imaweruzanso mlandu pamene nchito yabvuta. Ngati zolembedwa zasiyana ndi kalata, monga mau 300 m'malo mwa 180, mlembi akonze popanda malipiro ena. Ngati zatsata kalata koma gulu lasintha maganizo, nkufuna tsopano kulembera masukulu, imeneyo ndi nchito yatsopano ndipo iyenera malipiro atsopano. Mmisiri amene wapanga felemu molingana ndi miyeso salipira cifukwa mwini nyumba wakuza khomo.

MALIRE AKE NDI KUYESA KWAKE

Kalata ya malangizo sithetsa mafunso onse, ndipo siyenera kutero. Safunsa anadya phula. Mlembi amene walandira kalata nafunsa funso limodzi kapena awiri aonetsa kuti waiwerenga mosamala. Cofunika ncakuti mafunsowo abwere nthawi imodzi, kuciyambi. Kalatanso isatalike mpaka kuuza mlembi ciganizo ciri conse. Eni nchito agamule wowerenga, zoona, utali ndi masiku, koma kasanjidwe ka mau asiyire amene amulembera luso lakelo.

Kalata isanatumizidwe, ipatsidwe kwa munthu amene sanali pa msonkhano, monga mphunzitsi woyandikana naye nyumba. Akatha kuwerenga afunsidwe kuti kapepalaka nka yani, wowerenga adzacita ciani, ndipo nchito ifika liti ndi kwa yani. Akayankha zonse osafunsa, kalata yakonzeka. Akadodoma pa cimodzi, mlembi wa ganyu nayenso adzadodoma pomwepo, ndipo mzere umenewo ukonzedwe tsiku lomwelo kalata isanacoke m'manja mwa gulu.