Musafulumire kumutsitsa Zakeyu mumtengo

Mwasankhidwa kutsogolera mlaga, kapena mphakati monga amanenera Akatolika, ndipo ndime ya sabata ino ndi Luka 19:1-10, nkhani ya Zakeyu. Ndime yotchuka chonchi imavuta chifukwa aliyense amayesa kuti akuidziwa kale. Mukangotsiriza kuwerenga, wina anena kuti tonse tilape ngati Zakeyu, ena ayankha ameni, basi phunziro lathera pomwepo.

Yambani ndi kuona zomwe zalembedwa. Ndimeyo iwerengedwe kawiri, ngati n'kotheka wina m'Buku Lopatulika, wina m'Buku Loyera. Kenako funsani mafunso amene yankho lake munthu angaliloze ndi chala. Zikuchitikira kuti? Luka akutiuza chiyani za munthuyu? Anayamba kulankhula ndani? Anthu apeza okha kuti ndi ku Yeriko, kuti Zakeyu anali mkulu wa okhometsa msonkho, wolemera koma wamfupi, ndiponso kuti woyamba kulankhula anali Yesu. Wina akati Zakeyu anakwera mkuyu chifukwa machimo ankamuwawa mumtima, mufunseni mwaulemu: "Amayi, mwazipeza pa vesi iti?" Ndimeyo ikungonena kuti ankafuna kuona Yesu. Pakakhala chete musathamangire kudziyankha nokha, anthu akuwerenga.

Mukatero ndiye mufunse tanthauzo. Khamu linang'ung'udziranji? Apa mtsogoleri athandize pang'ono: anthu amsonkho ankagwirira ntchito ulamuliro wa Aroma ndipo ankadziwika ndi kulipiritsa mopyola. Nanga kubweza kanayi kwa pa vesi 8? Tsegulitsani Numeri 5:7, pomwe wolakwira mnzake ankabweza chinthucho n'kuwonjezapo limodzi la magawo asanu. Tsegulitsaninso Eksodo 22:1, pomwe woba nkhosa n'kuipha kapena kuigulitsa ankalipa nkhosa zinayi. Zakeyu anadzisankhira mlingo wa mbala. Koma funso lomwe ine ndimaliona lalikulu ndi ili: chinayamba n'chiyani, Yesu kudziitanira kunyumba kwake pa vesi 5, kapena lonjezo la pa vesi 8? Gulu likaona kuti kulandiridwa kunatsogola, silinganenenso kuti Zakeyu anagula chipulumutso ndi chuma chake.

Pofika pa zochita, kanani mayankho a chisawawa onga akuti tizikondana. Funsani kuti sabata ino pali choti chibwezedwe kodi, kaya ngongole ya kubanki m'khonde imene munthu akuizemba, kaya ndalama zomwe anadyerera wogula ndi sikelo yonama. Funsaninso za khamu lija: ndani m'dera lathu amene tingaipidwe atabwera kudzakhala nafe pamphasa pano? Musaloze munthu kapena kukakamiza wina kuulula pagulu, chifukwa zonenedwa pamlaga zimafika kumjigo. Aliyense asankhe chinthu chimodzi, wofuna kunena anene, mupemphererane, ndipo sabata yamawa muyambe ndi kufunsana kuti zinayenda bwanji.