Mafunso amene madokotala amafunsa asanakhulupirire kafukufuku

M'zipatala zophunzitsira, madokotala ndi anamwino amakhala ndi tsiku lokumana kuti aunike lipoti limodzi la kafukufuku. Mmodzi amafotokoza zimene ofufuza anapeza, anzake n'kumamupanikiza ndi mafunso. Kafukufuku wotchedwa FEAST, amene anatuluka mu 2011, akuonetsa bwino mmene mafunsowo amayendera.

Kwa zaka zambiri, mwana wobwera ndi thupi lotentha, magazi osayenda bwino, ankamuthira madzi ambiri a diripi mofulumira. Gulu la Pulofesa Kathryn Maitland linayesa njirayi pa ana 3,141 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania.

Funso loyamba ndi lakuti anawo anawagawa bwanji. Dokotala akamasankha yekha, angapereke madziwo kwa odwalitsitsa, ndiye akamwalira sitingadziwe ngati chawapha ndi madzi kapena matenda. Apa anagawa mwa maere. Ena analandira madzi amchere mofulumira, ena alubumini, pomwe gulu lachitatu linangolandira madzi pang'onopang'ono. Mankhwala ena onse ankapatsidwa mofanana.

Kenaka pamabwera funso la chimene ankayeza. Madokotala ankadziwa gulu la mwana aliyense, ndipo zotere zimapotoza maganizo ngati muyeso uli wakuti "akuoneka bwinoko". Koma iwo ankawerenga ana omwalira m'maola 48 oyamba, chinthu chimene maganizo a dokotala sangachisinthe.

Funso lachitatu ndi la kukula kwa kusiyanako. Mwa ana 1,000 aliwonse, omwalira anali 106 pa alubumini, 105 pa madzi amchere, ndi 73 pa gulu losathiridwa mofulumira. Wofotokoza akanena kuti chiopsezo chinakwera ndi 45 peresenti, womvetsera wochenjera amapempha kuti achiwerenge pa mitu ya ana. Kusiyana kwake ndi ana pafupifupi 33 pa 1,000, kutanthauza imfa imodzi yoonjezera pa ana 30 aliwonse othiridwa mofulumira. N'chifukwa chake kafukufukuyu anamuimitsa asanafike kumapeto.

Mkangano umakula pa funso lomaliza: kodi odwala athu akufanana ndi anawa? Oposa theka anali ndi malungo, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi magazi ochepa kwambiri. Zipatalazo zinalibe makina opumitsira odwala. Kwa dokotala wa m'chipatala cha boma ku Malawi, amene amaona ana otere nyengo ya mvula iliyonse, zotsatirazi zikumukhudza kwambiri kuposa mnzake wa ku London.

Pamafunikanso kuona amene anasiyidwa. Ana otsegula m'mimba, onyentchera kwambiri ndi opsa ndi moto sanalowe m'kafukufukuyu. Wina akatuluka pamsonkhano n'kukamana diripi mwana amene watha madzi chifukwa cha kolera, ndiye kuti waliwerenga molakwa lipotilo, chifukwa mwana ameneyo akufunikabe madzi mwachangu.