Kumanzere kwa mtima kuli kumanja kwa pepala

Pa mayeso a bayoloje a Fomu 4, chithunzi cha mtima chimagwetsa ana ambiri amene anawerenga ndithu. Mayina onse ali nawo m'mutu, koma amawaika mosemphanitsa. Gwero la vutoli ndi limodzi. Mtima wa m'buku umajambulidwa ngati wa munthu amene wayang'anizana nanu, choncho mbali yake ya kumanzere imaoneka kumanja kwa pepala. Wophunzira akatsatira dzanja lake lomwe, zipinda zonse zinayi wazilakwa nthawi imodzi.

Ine ndimalangiza kuti asadalire malo a papepala, ayang'ane makulidwe a minofu. Mtima uli ndi zipinda ziwiri zam'mwamba zolandira magazi, zotchedwa atiriyamu, ndi ziwiri zam'munsi zopopa, zotchedwa ventiriko. Pa ziwiri zam'munsizi, china chili ndi khoma lochindikala kwambiri, pafupifupi katatu kuposa chinzake. Chimenecho ndiye cha kumanzere, ngakhale chithunzi atachitembenuza bwanji. Chifukwa chake n'chomveka: chipinda cha kumanja chimangokankhira magazi kumapapo, omwe ali pafupi pomwepo, pamene cha kumanzere chimawakankha mpaka kuubongo ndi kuzala za kumapazi. Amene akukayika agule mtima wa mbuzi pamsika, audule mopingasa chakumunsi, atsine makoma awiriwo ndi zala. Sadzaiwalanso.

Mukapeza kumanzere, zina zonse zimabwera potsata ulendo wa magazi. Magazi ochokera m'thupi, amene okosijeni wake wachepa, amalowa kudzera mumtsempha waukulu wa vena kava n'kufika m'chipinda cham'mwamba cha kumanja. Amatsikira m'chipinda cham'munsi, kenako amapita kumapapo. Pobwerako ali ndi okosijeni wambiri, amalowa cham'mwamba cha kumanzere, amatsikira cham'munsi chochindikala chija, n'kutuluka kudzera mu ayota kunka thupi lonse. Pakati pa chipinda cham'mwamba ndi cham'munsi pali mavalavu oletsa magazi kubwerera m'mbuyo.

Tiyerekeze funso lotere. Pa chithunzi pali chilembo X choloza mtsempha wotuluka m'chipinda cham'munsi cha khoma lopyapyala, ndipo akuti tchulani dzina lake. Khoma lopyapyala likutiuza kuti ndi kumanja, ndipo chotuluka kumeneko chikupita kumapapo. Ndiye kuti X ndi ateri ya kumapapo. Apa pali msampha wina. Ana ambiri analoweza kuti ateri imanyamula magazi a okosijeni wambiri, ndiye akaona kuti magazi a mu X alibe okosijeni wokwanira amalemba kuti ndi veni. Ateri imadziwika ndi kumene magazi akulowera: imawachotsa kumtima, pamene veni imawabweretsa. Za okosijenizo n'zoona pa mitsempha yambiri, koma pa ya kumapapo zimatembenuka.

Muyang'anenso pamene mzere woloza wathera. Ukathera pa mnofu wolekanitsa mbali ziwiri za mtima, yankho ndi khoma lapakatilo, osati chipinda choyandikana nalo. Ndipo mukauzidwa kuti mulembe nokha mayina pa chithunzi, gwiritsani pensulo yosongoka ndi lula. Mzere ukhudze chinthu chenichenicho, usadutsane ndi unzake, ndipo dzina likhale kunja kwa chithunzi. Mzere wolekezera m'malere pakati pa valavu ndi khoma, wochonga sangaupatse malikisi, pakuti sadziwa chimene mumaloza.

Mafunso olongosola nawo ali ndi mwambo wake. Lina limafuna kuti munene zimene zikuoneka kapena zimene zikuchitika, motsatana bwino. Lina limafuna chifukwa. Akati longosolani kusiyana kwa makoma a zipinda ziwiri zam'munsi, yankho ndi lakuti la kumanzere ndi lochindikala kuposa la kumanja, basi. Kungolemba kuti "ndi lochindikala" sikukwanira, pakuti simunatchule liti, kapena kuposa chiyani. Akafunsa chifukwa, pamenepo mpamene mumanena za mphamvu yofunika pokankha magazi ulendo wautali. Akati longosolani njira ya magazi kuchokera kumapapo kukafika kuthupi ndipo malikisi ndi anayi, yembekezerani kuti pakufunika mfundo zinayi: veni ya kumapapo, chipinda cham'mwamba cha kumanzere, cham'munsi chake, kenako ayota. Kudumpha chimodzi kapena kusokoneza ndondomeko ndiko kutaya malikisi.

Makolo, simufunika kudziwa bayoloje kuti muthandize. Phimbani mayina a pa chithunzi cha m'buku ndi tizidutswa ta pepala, mumuuze mwana ayendetse chala kuyambira pa vena kava mpaka pa ayota, akutchula malo alionse mokweza. Pamene chala chaima mokayika, mpomwe ayenera kubwereza.