Mukasiya inshuwalansi ya maliro, ndalama zanu zimapita kuti?

Zinthu zikathina pakhomo, ambiri amayamba kudula inshuwalansi ya maliro, akumayembekeza kuti kampani iwabwezera kangachepe. Nthawi zambiri sabwezedwa kanthu.

Tiyerekeze mayi amene wakhala akudulidwa K5,000 pamwezi kwa zaka 4, kuti iye, ana ndi mayi ake okalamba adzathandizidwe pa zovuta. Zonse pamodzi wapereka K240,000. Akalemba kalata yosiya, ndalamayo sibwerera, chifukwa sinkasungidwa m'dzina lake. Mwezi uliwonse ankagula chitetezo cha mwezi womwewo, ndipo zopereka zake zinkaphatikizidwa ndi za ena n'kulipirira mabanja amene anaferedwa. Zili ngati kulipira mlonda: sungamuuze kuti abweze malipiro chifukwa choti mbala sizinabwere. Tsiku limene mgwirizano watha, chitetezo nacho chatha. Gogo uja akamwalira patangopita milungu ingapo, bokosi, galimoto ndi chakudya cha pasiwa zonse zidzachokera m'thumba la banja.

Chimene chimapweteka kwambiri chimaoneka munthu akafuna kulowanso. Makampani ambiri ali ndi nthawi yodikira, kawirikawiri miyezi 6, imene salipira ngati munthu wamwalira ndi matenda, ngakhale imfa ya pangozi ambiri amailipira msanga. Mayi uja anali atadutsa kale nthawi imeneyi, koma akayamba mgwirizano watsopano angathe kuiyambiranso. Gogo akadwala n'kutisiya m'mwezi wachinayi, kampani ikana kulipira ngakhale zopereka zonse zinayi zinalowa. Komanso mtengo umatengera zaka za munthu, choncho gogoyo tsopano adzalipiridwa zambiri, kapena adzakanidwa ngati wapitirira msinkhu umene kampani imalandira.

Inshuwalansi ya moyo yokhala ndi gawo losunga ndalama, monga ya maphunziro a ana, ndi yosiyana. Woisiya amapatsidwa ndalama ina, koma akasiya m'zaka zoyambirira imakhala yochepa kuposa zimene anapereka, mwinanso palibiretu, chifukwa zopereka zoyamba zimathera pa komishoni ya wogulitsa ndi ntchito za muofesi. Apa ndi bwino kufunsa ngati mungaleke kupereka koma mgwirizano n'kukhalabe wamoyo, ndalama yodzalandira itatsitsidwa.

Ena amasiya osadziwa. Munthu akasintha ntchito kapena akaunti ikauma, zopereka zimaima. Kampani imapereka masiku okudikirani, nthawi zambiri pafupifupi mwezi, kenako mgwirizano umafa mwakachetechete. Yang'anani pepala la malipiro kapena sitetimenti ya kubanki: ngati mzere wa inshuwalansi wasowa, thamangirani ku ofesi masikuwo asanathe.

Ngati mukusamukira ku kampani ina, musasiye yakale mpaka yatsopano itakulemberani tsiku limene idzayambe kulipira imfa ya matenda. Ndipo ngati vuto ndi ndalama, pemphani kaye kuti akutsitsireni ndalama yodzalandira, kuti zopereka za pamwezi zichepe koma banja likhalebe ndi pogwira.